Sitopu si lonjezo la mtengo: zimene zinagwera ochita foreksi pa 15 Januwale 2015

Lachinayi pa 15 Januwale 2015, nthawi ili 10:30 m'mawa ku Zurich, banki yaikulu ya dziko la Switzerland inatulutsa chikalata chachifupi chimene palibe ankachiyembekezera. Inati yaleka kuteteza mtengo wa 1.20 pakati pa yuro ndi falanki, ndalama ya dzikolo. Kuno kwathu inali 11:30. Pasanathe theka la ola, yuro imene inkagulidwa mafalanki 1.20 inali itagwa mpaka cha m'ma 0.85, ndipo tsikulo linatha mtengo ukuzungulira pafupi ndi 1.00.

Anthu ambiri amene anasaukiratu tsiku limenelo sanali osasamala. Anali ataika Stop Loss, lamulo lija munthu amasiyira buloka wake kuti mtengo ukatsika kufika pakutipakuti agulitse, kuti asaluze zoposa zimene wakonzekera. Masitopu awo anagwiradi ntchito, koma anagulitsa pa mtengo wakutali kwambiri ndi umene analemba. Ena anapezeka kuti ndalama zonse za mu akaunti zatha, ndipo pamwamba pake ali ndi ngongole kwa buloka.

Masiku ano achinyamata ambiri ku Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka akuchita foreksi pa foni, ndipo chimene amaphunzitsidwa koyamba n'chakuti ukaika sitopu wadziteteza. Zimenezi n'zoona pa masiku ambiri, koma osati onse, ndipo masiku ochepa amene sizikhala zoonawo ndi amene amatha munthu.

Sitopu imalonjeza kugulitsa, osati mtengo

Munthu akalemba 1.1990 m'bokosi la Stop Loss, amaganiza kuti wauza buloka kuti adzagulitse pa 1.1990. Koma lamulo limene wapereka ndi lina. Wanena kuti mtengo ukadzafika pa 1.1990 kapena kupitirira, buloka agulitse nthawi yomweyo pa mtengo uliwonse umene ulipo. Nambala ija ndi yongodzutsa lamulolo. Likadzuka, limasanduka oda wamba yogulitsa, ndipo imapita kwa aliyense amene ali wokonzeka kugula pa mphindiyo.

Nambala imene timaona pa sikirini imabisa chinthu chimodzi. Kuseri kwa mtengo uliwonse kuli munthu kapena banki imene yavomera kugula, ndipo yavomera kugula mlingo wakutiwakuti basi. Taganizirani mlimi amene ali ndi makilo 1,000 a soya pa msika, ndipo wauza mwana wake kuti mtengo ukatsika kufika K950 pa kilo agulitse zonse osazengereza. Mtengo wafikadi pa K950, koma venda amene akugula pa mtengo umenewo ali ndi ndalama za makilo 200 okha. Wa sikelo yachiwiri akufuna makilo 300 pa K940. Wachitatu atenga makilo 500 otsalawo, koma pa K900. Mwana wachita zimene anauzidwa, wagulitsa zonse, koma wabwera ndi K922,000 m'malo mwa K950,000. Palibe wamubera. Ogula pa K950 anali ochepa kuposa katundu wake.

Kusiyana kumeneku, pakati pa mtengo umene unalemba ndi umene wagulitsira, ndiko amati silipeji. Pa msika wa ndalama, tsiku labwinobwino kumakhala kochepa zedi, chifukwa ogula amakhala ambiri ndipo mitengo yawo imakhala yothithikana. Pa ndalama zikuluzikulu ngati yuro ndi dola, sitopu kawirikawiri imagulitsa pa mtengo womwewo kapena kusiyana ndi pipu imodzi kapena ziwiri. Pipu ndi kagawo kakang'ono ka mtengo, nambala yachinayi kuchokera pa kadontho. Munthu akazolowera zimenezi kwa miyezi, amayamba kukhulupirira kuti sitopu ndi khoma.

Msika ukayamba kuthamanga, zinthu zitatu zimachitika pamodzi. Ogulitsa amachuluka mwadzidzidzi. Mabanki amene amaika mitengo yogulira amaichotsa, chifukwa palibe amafuna kugula chinthu chimene sakudziwa kuti pakatha masekondi khumi chikhala pa mtengo wanji. Ndiyeno masitopu eniakewo amakankhana: oyamba akagulitsa amatsitsa mtengo, mtengowo n'kudzutsa masitopu ena amene ali pansipa, nawonso n'kugulitsa.

Pamene mtengo ukudumpha

Silipeji ndi kutsetsereka, koma gapu ndi kudumpha. Mtengo umachoka apa n'kukapezeka uko, popanda malonda aliwonse pakati. Amalawi anaona chinthu chotere mu Novembala 2023, pamene Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Dola inachoka pa K1,180 n'kufika pa K1,700. Sinayende pang'onopang'ono kudutsa pa K1,300 ndi K1,500 kuti wina athamangire kugula ili m'njira. Mitengo ya pakatiyo ku banki sinakhaleko.

Sitopu imene ili mkati mwa gapu singagulitse pa mtengo wake, chifukwa mtengowo sunapezeke. Imagulitsa pa mtengo woyamba umene wapezeka tsidya linalo.

Gapu yodziwika kwambiri ndi ya kumapeto a sabata. Msika wa foreksi umatseka Lachisanu nthawi ya 5 koloko madzulo ku New York n'kutsegulanso Lamlungu nthawi yomweyo, zimene kwathu kuno ndi 11 koloko kapena 12 koloko usiku malinga ndi nyengo. M'masiku awiriwo kukachitika chisankho, nkhondo kapena banki ikagwa, mtengo wotsegulira umakhala kale kutali ndi wotsekera. Masheya amakumana ndi zomwezi usiku uliwonse, makamaka kampani ikalengeza phindu lake msika utatseka. Koma gapu ikhozanso kuchitika masana msika uli wotsegula, ngati ogula onse achoka nthawi imodzi. Ndi zimene zinachitika ndi falanki.

Chimene chinakokera anthu mu msampha

Nkhaniyi inayamba pa 6 Sepitembala 2011. Nthawi imeneyo maiko ogwiritsa ntchito yuro anali pa mavuto a ngongole, ndipo anthu ankathawitsira chuma chawo ku Switzerland. Falanki inakwera mphamvu moti katundu wa dzikolo, monga mawotchi, mankhwala ndi makina, anayamba kudula kunja. Banki yaikulu inalengeza kuti siidzalola yuro kutsika kupitirira mafalanki 1.20, ndipo kuti idzagula ndalama zakunja zochuluka mulimonse kuti mtengowo usatsike.

Kwa zaka zoposa zitatu lonjezoli linagwira. Amalonda anaona ngati apeza malonda osaluza. Ukagula yuro pa 1.2010, kutsika kwake n'kochepa chifukwa banki yaikulu yaima pa 1.2000, pamene kukwera kulibe malire. Choncho anthu ambiri anagula yuro, ndipo pafupifupi onse anaika masitopu awo pamalo amodzi, pansi pang'ono pa 1.2000. Popeza mtengo sunkagwedezeka, mabuloka ambiri ankafunsa chikole chochepa kwambiri pa malonda amenewa, zimene zinalola munthu wa ndalama zochepa kugwira malonda aakulu.

Kuteteza mtengowo kunali kodula. Pofika kumapeto kwa 2014, banki ya Switzerland inali itaunjika ndalama zakunja za pafupifupi mafalanki 500 biliyoni. Komanso zinkayembekezeka kuti banki yaikulu ya ku Ulaya iyamba kuthira mayuro ambiri pa msika, zimene inalengezadi sabata yotsatira, pa 22 Januwale. Komabe masiku atatu okha chigamulo chisanatuluke, wachiwiri kwa mkulu wa bankiyo, a Jean-Pierre Danthine, anali atanena poyera kuti malire a 1.20 akadali maziko a mfundo za bankiyo. Tsikulo litafika, mkulu wake, a Thomas Jordan, anafotokoza kuti chigamulo chotere sichingalengezedwe pasadakhale, chiyenera kudzidzimutsa msika.

Wogula wamkulu amene anaima pa 1.2000 atachoka, pansi pake panalibe aliyense. Mabanki akuluakulu anachotsa mitengo yawo, ena kwa mphindi zingapo. Masitopu zikwizikwi anadzuka nthawi imodzi, onse akufuna kugulitsa yuro, wogula palibe.

Tiwerengere limodzi

Tiyerekeze munthu amene ali ndi mafalanki 2,000 mu akaunti. Wagula loti imodzi ya EUR/CHF, imene ndi mayuro 100,000, pa mtengo wa 1.2010. Buloka wake akumulola kugwira malonda oposa chikole chake kakhumi kakhumi, kutanthauza 100:1, ndiye chikole chofunika ndi mayuro 1,000 okha, pafupifupi mafalanki 1,200. Waika sitopu pa 1.1990. Pa loti imodzi, pipu iliyonse ndi mafalanki 10. Kuchokera pa 1.2010 kufika pa 1.1990 ndi mapipu 20, choncho m'mutu mwake akudziwa kuti zikavuta aluza mafalanki 200. Aliyense angamuyamikire kuti ndi wosamala.

Chilengezo chatuluka, mtengo wadutsa pa 1.1990, sitopu yadzuka. Oda yake yapita pa msika koma palibe wogula. Tinene kuti mtengo woyamba umene buloka wapeza ndi 1.0400. Anthu anagulitsa pa mitengo yosiyanasiyana tsikulo, ena pamwamba pa apa, ena pansi kwambiri. Kusiyana kwa 1.2010 ndi 1.0400 ndi 0.1610, ndipo tikachulukitsa ndi 100,000 tikupeza mafalanki 16,100. Munthu amene anakonzekera kuluza 200 waluza zochuluka kuwirikiza ka 80. Mafalanki 2,000 ake apita, ndipo akaunti ikuonetsa ngongole ya 14,100.

Wina angafunse kuti nanga buloka bwanji sanatseke malondawo ndalama zisanathe. Mabuloka alidi ndi makina otsekera malonda chikole chikachepa, koma kutseka kumeneko nakonso ndi kugulitsa pa msika womwewo wopanda ogula. Makina a buloka ndi sitopu ya kasitomala zimadikira pa mzere umodzi.

Onaninso kumene vuto lagona. Kugwa kwa mtengo kuchoka pa 1.2010 kufika pa 1.0400 ndi pafupifupi 13 peresenti. Munthu amene anali ndi mayuro akeake m'thumba anangoluza gawo limenelo la chuma chake. Wathuyu anatha chifukwa anagwira mayuro 100,000 ndi ndalama zosakwana mayuro 2,000. Gapu inabweretsa tsoka, koma kukula kwa malonda ndiko kunalisandutsa ngongole.

Mabuloka nawo anapsa, chifukwa iwo anayenera kulipira mabanki pamene makasitomala awo analibe zobweza. Kampani ya FXCM ya ku New York inalengeza kuti makasitomala ake atsala ndi ngongole za pafupifupi madola 225 miliyoni, ndipo inapulumuka ndi ngongole ya madola 300 miliyoni kuchokera ku kampani ya Leucadia. Alpari ya ku Britain inalengeza tsiku lotsatira kuti yagwa. Makampani ena anakhululukira makasitomala ang'onoang'ono, ena anawalondola kuti abweze, ndipo milandu inatenga zaka.

Njira zodzitetezera ndi malire ake

Pali mtundu wina wa oda wotchedwa Stop Limit, umene uli ndi manambala awiri. Yoyamba imadzutsa lamulo, yachiwiri imaika malire akuti usagulitse pansi pa apa. Munthu wathu uja akanaika 1.1990 ndi malire a 1.1950, sakanagulitsa pa 1.0400. Koma sakanagulitsanso n'komwe, chifukwa mtengo unadumpha malire akewo. Akanakhala akugwirabe mayuro ake mtengo uli pa 1.00, akuluza mafalanki oposa 20,000, ngati buloka sakanamutsekera kale chifukwa cha chikole. Sitopu wamba imatsimikiza kuti utuluka koma osati mtengo wake. Stop Limit imatsimikiza mtengo koma osati kutuluka. Pa msika palibe oda yaulere imene imapereka zonse ziwiri.

Imene imapereka zonse ziwiri ndi yolipira. Mabuloka ena, makamaka a ku Britain ndi Australia, amagulitsa Guaranteed Stop. Apa buloka amavomera kukutsekera pa mtengo umene walemba ngakhale msika udumphe, ndipo amatenga kangachepe chifukwa cha zimenezo. Ili ngati inshuwalansi, ndiye ili ndi malamulo ake: siipezeka pa malonda onse, ndipo buloka amanena kutalika kumene iyenera kukhala kuchokera pa mtengo wa panopa. Mphamvu yakenso imadalira kuti bulokayo akhalepobe mawa.

Chitetezo china ndi chakuti akaunti isatsike kupitirira ziro. Mu Ogasiti 2018, bungwe loyang'anira misika ya ku Ulaya la ESMA linalamula kuti kasitomala wamba asamaluze zoposa zimene anaika mu akaunti, ndipo linachepetsa malire a malonda pa ndalama zikuluzikulu kufika pa 30:1. Koma malamulo otere amateteza makasitomala a makampani olembetsedwa kumeneko. Mabuloka ambiri amene amalandira anthu a kuno ku Africa amawalembetsa kudzera ku nthambi za m'maiko ena, monga Seychelles kapena Mauritius, kumene malamulo ndi ena ndipo 500:1 kapena kuposa apo si zachilendo. Dzina la kampani likhoza kukhala lomwelo, chitetezo n'kukhala chosiyana. Yankho lili m'pangano limene munavomera potsegula akaunti: onani dzina la nthambi, dziko lake, ndi zimene likunena akaunti ikatsika kupitirira ziro. Ndipo ngakhale chitetezochi chilipo, chimangoletsa ngongole. Zimene zili mu akaunti zikhoza kupita zonse.

Kudziwa ngati ndi msika kapena ndi buloka

Sitopu ikagulitsa pa mtengo woipa, ambiri amathamangira kunena kuti buloka waba. Nthawi zambiri sizikhala choncho, ndipo pali njira yofufuzira. Tsegulani mbiri ya malonda anu muyerekeze mtengo wa sitopu ndi umene malonda anatsekera, kenako onani nthawi yake. Ngati zinachitika pa kutsegula kwa Lamlungu usiku, kapena pa mphindi imene banki yaikulu inkalengeza chiwongoladzanja, kapena pamene ziwerengero za ntchito ku America zinkatuluka, zimene kawirikawiri zimatuluka Lachisanu loyamba la mwezi nthawi ya 2:30 kapena 3:30 masana kwathu kuno, ndiye kuti ndi msika. Tchati cha mphindi imodzi chidzaonetsa kudumpha kapena mzere wautali pa nthawi yomweyo.

Chinanso chimene chimasokoneza anthu n'chakuti msika uli ndi mitengo iwiri, Bid ndi Ask, ndipo tchati cha MetaTrader kawirikawiri chimajambula Bid. Ngati munayamba ndi kugulitsa, sitopu yanu imadzutsidwa ndi Ask. Nkhani ikatuluka, kapena pakati pa usiku pamene amalonda ndi ochepa, mpata wa mitengo iwiriyi umakula, ndipo sitopu ikhoza kudzuka tchati chisanaikhudze.

Chizindikiro choyenera kudandaula nacho ndi silipeji yopita mbali imodzi yokha. Msika ukamathamanga, nthawi zina umayenera kukukomerani, oda n'kuchitika pa mtengo wabwino kuposa umene munapempha. Ngati pa malonda ambirimbiri kusiyana kumakhala kokupwetekani kokhakokha, pali chifukwa chofunsira. Zoterezi zinachitikapo: mu Febuluwale 2014 bungwe la FCA ku Britain linalipiritsa nthambi ya FXCM ya kumeneko chindapusa cha mapaundi 4 miliyoni chifukwa kampaniyo inkasunga phindu mtengo ukasintha mokomera kasitomala, koma ukasintha momupweteka inkamusiyira yekha.

Funso loyenera musanatsegule malonda

Zambiri mwa nthawi zoopsa zimadziwika pasadakhale. Masiku a zilengezo za mabanki aakulu ali pa kalendala, ndipo aliyense amadziwa kuti Lachisanu msika utseka. Munthu akhoza kutseka kapena kuchepetsa malonda ake nthawizo zisanafike. Za pa 15 Januwale 2015 sizinali pa kalendala iliyonse, koma chenjezo linalipo kwa woyang'ana bwino: mtengo umene sukugwedezeka chifukwa boma kapena banki yaikulu yaugwira si wotetezeka. Tsiku limene wougwirayo adzausiye, udzadumpha mtunda wonse umene unaletsedwa kuyenda.

Chitetezo chimene chili m'manja mwanu n'kukula kwa malonda. Munthu wa m'chitsanzo chathu akanagula mayuro 5,000 m'malo mwa 100,000, gapu yomweyo ikanamudyera mafalanki 805. Zikanamuwawa, koma akanatsala ndi zoposa theka la ndalama zake, popanda ngongole.

Choncho pitirizani kuika sitopu, chifukwa pa masiku wamba imagwira ntchito yake bwino. Koma musanadine Buy kapena Sell, musamangowerengera zimene mungaluze sitopu ikagulitsa pamene mwalemba. Werengeraninso zimene zingatsale mu akaunti mtengo utadumpha ndi 5 kapena 10 peresenti. Ngati yankho lake ndi ziro kapena ngongole, malondawo akukulirani, achepetseni.